Thumba limodzi la feteleza limabweza matumba angati a chimanga?

Chaka chilichonse mvula ikayandikira, m'makalabu a alimi mumabuka mkangano umodzimodzi. Wina amati kulima chimanga popanda feteleza n'kutaya thukuta pachabe. Wina amati mtengo wake wafika poti ndi bwino kusunga ndalamayo n'kudzagula chimanga pamsika. Aliyense amakhala ndi munda woloza: wa mlamu wake amene anathira matumba anayi n'kukolola zosasangalatsa, kapena wa mayi uja wa kutsidya amene anathira awiri okha n'kudzaza nkhokwe. Onsewo amanena zoona, koma munda umodzi sungathetse mkanganowo. Funso limene lili pansi pake ndi lakuti, ndikawonjezera thumba limodzi la feteleza pa ekala, ndiyembekezere matumba angati a chimanga owonjezera?

Funso lotere lili ndi njira yake yoliyankhira, imene a masamu amaitcha rigireshoni. Mumatenga minda ingapo, n'kupeza mzere umodzi woongoka umene ukudutsa bwino koposa pakati pa zokolola zake zonse. Njira yopezera mzerewu inasindikizidwa koyamba mu 1805 ndi katswiri wa ku France, Adrien-Marie Legendre, amene ankawerengera njira za nyenyezi zoyenda, ndipo Carl Friedrich Gauss wa ku Germany analemba za njira yomweyo mu 1809. Onsewa ankawerengera pamanja. Lero kompyuta imatulutsa yankho m'kuphethira kwa diso, koma ine ndimalimbikira kuti munthu ayambe waichita ndi pensulo ngakhale kamodzi. Woichita pamanja amaona kumene nambala iliyonse ikuchokera, ndiye amadziwanso pamene nambalayo iyenera kukayikiridwa.

Minda isanu

Tiyerekeze kuti mlembi wa kalabu walemba za minda isanu, uliwonse wa ekala imodzi. Nambala zotsatirazi n'zongoyerekeza, ndazisankha kuti masamu ayende mosavuta. Matumba onse, a feteleza ndi a chimanga chotongola, ndi a makilogalamu 50, ndipo fetelezayo tikuwerengera pamodzi wokulitsa ndi wobereketsa.

| Munda | Feteleza, x | Chimanga, y |
|---|---|---|
| 1 | 0 | 5 |
| 2 | 1 | 10 |
| 3 | 2 | 12 |
| 4 | 3 | 17 |
| 5 | 4 | 16 |

Feteleza tamutcha x chifukwa ndi amene tikufuna kulosera naye. Chimanga tachitcha y chifukwa ndi chimene tikulosera. Musanawerengere chilichonse, jambulani. Pa pepala la timabokosi lembani matumba a feteleza mopingasa m'munsi, matumba a chimanga mokwera kumanzere, ndipo munda uliwonse ukhale kadontho kamodzi. Mudzaona timadontho tisanu tikukwera kuchokera kumanzere kupita kumanja, koma palibe rula imene ingatikhudze tonse. Kotsiriza katsikako pang'ono. Kasungeni m'maganizo, kadzatipatsa ntchito kutsogoloku.

Mzere woongoka uliwonse umalembedwa motere: ŷ = a + bx. Kachipewa kali pa y kakutanthauza kuti zimenezo ndi zokolola zimene mzere ukulosera, osati zimene zinalowadi m'matumba. Nambala b ndi kupendekera kwa mzere, imene ana a ku sekondale amaidziwa kuti silopu. Nambala a ndi poyambira, intasepiti, pamene mzere wadula mzere woimirira uja wa kumanzere. Ntchito yathu yonse ndi kupeza a ndi b.

Mzere wabwino koposa ndi uti

Pa munda uliwonse mzere umaphonya. Kuphonya ndi zokolola zenizeni kuchotsapo zimene mzere walosera. Munda ukakhala pamwamba pa mzere, kuphonya kumakhala nambala ya pulasi, ukakhala pansi kumakhala ya mainasi. Munthu angaganize zongophatikiza zophonya zonse n'kusankha mzere wopereka zochepa, koma zimenezo sizithandiza, pakuti mapulasi ndi mamainasi amafafanizana, ndipo ngakhale mzere woipitsitsa ungathe kupereka ziro. Nzeru ya Legendre inali yakuti kuphonya kulikonse kuchulukitsidwe ndi iko komwe, kenako n'kuphatikiza. Mainasi ukaichulukitsa ndi mainasi imasanduka pulasi, choncho palibenso kufafanizana. Komanso kuphonya kwakukulu kumalemera kwambiri: kuphonya ndi matumba awiri kumawerengedwa 4, pamene kuphonya ndi matumba anayi kumawerengedwa 16.

Tiyese mizere iwiri ya diso. Wina angalumikize kadontho koyamba ndi kotsiriza, zimene zimapereka mzere wa 5 + 2.75x. Mzerewu ukulondola pa minda iwiri ya kumapeto, koma itatu yapakati yonse ili pamwamba pake, ndipo masikweya a zophonya akukwana 21.4. Wina wa diso lakuthwa angasankhe 6 + 3x, umene ukulosera 6, 9, 12, 15 ndi 18. Zophonya zake ndi −1, 1, 0, 2 ndi −2, masikweya ake akukwana 10. Uwu uli bwino kwambiri. Koma pali mzere umodzi wokha umene palibe wina angaupose, ndipo sitifunika kuufufuza moyesayesa.

Choyamba ndi maavareji. Feteleza yense ndi matumba 10 pa minda isanu, avareji yake 2. Chimanga chonse ndi matumba 60, avareji yake 12. Mzere umene tikufunawu nthawi zonse umadutsa pa malo amene maavareji awiriwa akumana, ndiye kadontho kamodzi ka pa mzere tili nako kale: feteleza 2, chimanga 12. Chatsala n'kudziwa kuti upendekere bwanji.

Chachiwiri ndi kuyeza mpata wa munda uliwonse kuchokera pa avareji, mbali zonse ziwiri. Munda woyamba uli ndi feteleza 0, avareji ndi 2, mpata wake ndi −2. Chimanga chake ndi 5, avareji ndi 12, mpata wake ndi −7. Mukatero mumachulukitsa mipata iwiriyo, n'kupezanso sikweya ya mpata uliwonse.

| Munda | x − x̄ | y − ȳ | (x − x̄)(y − ȳ) | (x − x̄)² | (y − ȳ)² |
|---|---|---|---|---|---|
| 1 | −2 | −7 | 14 | 4 | 49 |
| 2 | −1 | −2 | 2 | 1 | 4 |
| 3 | 0 | 0 | 0 | 0 | 0 |
| 4 | 1 | 5 | 5 | 1 | 25 |
| 5 | 2 | 4 | 8 | 4 | 16 |
| Pamodzi | 0 | 0 | 29 | 10 | 94 |

Maziro awiri a m'munsiwo ndi mboni yanu. Mipata yochokera pa avareji iyenera kukwana ziro nthawi zonse, ndipo ikapanda kutero ndiye kuti avareji yalakwika kapena mainasi ina yatayika panjira. Imani pomwepo mukonze, chifukwa zonse zotsatira zikutsamira pamenepo.

Ndime ya 29 ija ndiyo mtima wa nkhaniyi. Munda umene uli ndi feteleza wochepera avareji komanso chimanga chochepera avareji ukupereka pulasi. Umene uli ndi zonse ziwiri zoposa avareji ukuperekanso pulasi. Mainasi ikanabwera ndi munda wothira wambiri n'kukolola zochepera avareji, kapena wothira wochepa n'kukolola zambiri. Choncho ndimeyi ili ngati kuwerenga mavoti a minda pa funso lakuti feteleza ndi chimanga zimayendera limodzi kapena ayi. Apa minda inayi yavomera, umodzi sunanene kanthu.

Kupendekera kumapezeka pogawa 29 ndi 10, ndipo poyambira pamapezeka pobwerera m'mbuyo kuchokera pa maavareji:

```
b = 29 / 10 = 2.9
a = ȳ − b·x̄ = 12 − 2.9 × 2 = 6.2
ŷ = 6.2 + 2.9x
```

Masamu a mzere athera pomwepa. Chovuta, chimene anthu ophunzira bwino amapunthwapo, ndi kunena molondola zimene 2.9 ndi 6.2 zikutanthauza.

Zimene 2.9 ikunena

Mwa minda isanuyi, munda wokhala ndi thumba limodzi la feteleza loposa mnzake ukukolola, pa avareji, matumba 2.9 a chimanga oposa mnzakeyo. Mawu akuti pa avareji sangachotsedwe. Yang'anani zimene zinachitikadi kuchoka pa munda wina kupita pa wotsatira: chimanga chinakwera ndi 5, kenako ndi 2, kenako ndi 5, kenako chinatsika ndi 1. Palibe paliponse pamene chinakwera ndi 2.9. Nambalayi ndi ya minda yonse pamodzi, si lonjezo kwa mlimi mmodzi.

Kupendekera kumanenedwa ndi miyezo yake: matumba a chimanga pa thumba limodzi la feteleza. Mlembi akanalemba chimanga m'makilogalamu, b ikanatuluka 145, osati chifukwa feteleza wawonjezera mphamvu, koma chifukwa matumba 2.9 ndi makilogalamu 145. N'chifukwa chake si nzeru kunena kuti b ndi yaikulu kapena yaing'ono musanafunse kuti ayeza ndi chiyani. Wina akabwera ndi nambala ya pa hekitala, inu muli ndi ya pa ekala, zoyamba kuchita ndi kufananitsa miyezo.

Phindu la nambalayi limaoneka mukaiika pafupi ndi mitengo. Ngati thumba la feteleza likugulidwa ndi ndalama yofanana ndi matumba awiri a chimanga, mlimi akutsala ndi pafupifupi thumba limodzi pa thumba lililonse la feteleza. Ngati likufuna matumba anayi a chimanga, akutaya oposa thumba limodzi. Malire ali pa 2.9, ndipo kunena zoona ali m'munsi pang'ono, chifukwa pali mtengo wonyamulira, wothira, ndi wa mankhwala osungira chimanga chowonjezeracho. Mtengo wa chimanga woyenera kuwerengera umadaliranso banja. Wogulitsa atangokolola amalandira mtengo wotsika, pamene wosunga kuti adye amapewa kudzagula mu Januwale ndi Febuluwale mtengo utakwera. Mzere womwewo ungauze mabanja awiriwa zochita zosiyana.

Pali chinthu china chimene kompyuta sionetsa koma pensulo imaonetsa. Bwererani ku tebulo, muone munda wachitatu. Mpata wake wa feteleza ndi ziro, choncho chilichonse chimene ungakolole sichikhudza kupendekera. Tinene kuti mlembi walakwitsa, walemba 22 m'malo mwa 12. Mukawerengera mudzapeza b idakali 2.9, mzere wangokwera wonse ndi matumba awiri. Koma kulakwitsa komweko kukagwera pa munda wachisanu, n'kulembedwa 26 m'malo mwa 16, ndime ija ikwera kuchoka pa 29 kufika pa 49, ndipo b isanduka 4.9. Mzerewu uli ngati thabwa lotsamira pa chipika chapakati: wokhala pa chipika saligwedeza, wokhala kumapeto amalipendeketsa lonse. Choncho nambala za minda ya kumapeto, wothira wochepetsetsa ndi wothira wochulukitsitsa, ndi zimene muyenera kuzitsimikiza kawiri. Funsani ngati mundawo ulidi ekala imodzi, ngati matumbawo anali a chimanga chotongola, komanso ngati banja silinadyeko chambiri chachiwisi chisanakololedwe.

Zimene 6.2 ikunena

Poyambira ndi zimene mzere ukulosera x ikakhala ziro. Apa ndi matumba 6.2 pa ekala yosathiridwa feteleza, mphamvu ya nthaka payokha pamodzi ndi mbewu, mvula ndi khasu. Munda woyamba unakolola 5, osati 6.2, ndipo palibe cholakwika pamenepo, chifukwa mzere ukumvera minda yonse isanu, osati woyamba wokha.

M'chitsanzo chathu poyambira pali ndi tanthauzo chifukwa munda wosathira feteleza ulipodi m'kaundula. Nthawi zambiri sizikhala choncho. Alimi onse a m'kalabu akanakhala othira matumba awiri mpaka anayi, masamu akanaperekabe a, koma ikanakhala nambala ya munda umene palibe anauona. Ndipo x ikanakhala kuchuluka kwa mvula ya nyengo yonse, poyambira pakanakhala zokolola za chaka chopanda ngakhale dontho limodzi. Zikatero a imatha kutuluka ya mainasi, ngati kuti munthu angakolole matumba ochepera ziro. Sikuti masamu alakwika. Nambalayo yangogwira ntchito yoimika mzere pa msinkhu woyenera pamene pali minda, ndipo siyenera kuwerengedwa ngati zokolola. Lamulo lake n'lapafupi: musanatanthauzire a, onani ngati ziro ili mkati kapena pafupi ndi nambala za x zimene muli nazo.

Chenjezo lomweli limagwiranso kumapeto enawo. Mzere wathu ukuti matumba 10 a feteleza pa ekala adzapereka matumba 35.2 a chimanga. Pepala silikana, koma ife taona minda ya matumba 0 mpaka 4 basi, ndipo mzere sudziwa kanthu za kupitirira pamenepo.

R², gawo limene mzere wafotokoza

Tsopano tiyeze mzere wathu pa munda uliwonse. Ukulosera 6.2, 9.1, 12.0, 14.9 ndi 17.8. Zokolola zenizeni ndi 5, 10, 12, 17 ndi 16. Zophonya ndi −1.2, 0.9, 0, 2.1 ndi −1.8. Ziphatikizeni, mupeza ziro, ndipo imeneyi ndi mboni yachiwiri, yakuti mzere wadutsadi pamene maavareji awiri aja akumana. Masikweya ake ndi 1.44, 0.81, 0, 4.41 ndi 3.24, pamodzi 9.9. Mzere wa diso lakuthwa uja unapereka 10, wolumikiza mapeto unapereka 21.4. Yesani wina uliwonse, simutsika pansi pa 9.9.

Kodi 9.9 ndi yambiri kapena yochepa? Pamafunika choyerekezera nacho. Tinene kuti simukudziwa kanthu za feteleza, ndipo wina wakufunsani kuti munda uliwonse wakolola zingati. Yankho lanzeru ndi avareji, matumba 12 pa munda uliwonse. Zophonya zanu zikanakhala mipata ya y ija ya m'tebulo, ndipo masikweya ake tawapeza kale, 94. Nambala imeneyi ikuyeza kusiyana konse kwa zokolola pakati pa minda isanu. Titadziwa za feteleza, kuphonya kwatsika kuchoka pa 94 kufika pa 9.9. Mzere wameza 84.1, ndipo R² ndi gawo limenelo poyerekeza ndi zonse.

```
R² = 1 − 9.9/94 = 84.1/94 = 0.89
R² = 29² / (10 × 94) = 0.89
```

Mzere wachiwiriwo ndi njira yachidule yochokera m'munsi mwa tebulo, ndipo ngati ziwirizi sizikugwirizana, pena pake palakwika. Pa mzere wopezedwa motere R² imakhala pakati pa 0 ndi 1. Ikakhala 1, timadontho tonse tili pa mzere. Ikakhala 0, mzere wagona chogona ndipo sukuposa avareji.

Kanenedwe kolondola ndi aka: mwa kusiyana kwa zokolola pakati pa minda isanuyi, magawo 89 pa 100 aliwonse akuyendera limodzi ndi kusiyana kwa feteleza, ndipo 11 otsalawo akuchokera kwina. Ndi kusiyana kwa zokolola, osati zokolola zenizenizo. Kunena kuti feteleza ndi amene wabereka magawo 89 a chimanga n'kulakwitsa, pakuti munda wosathira nawonso unakolola. Kunena kuti mzere umalondola ka 89 pa maulendo 100 n'kulakwitsanso, pakuti mwa minda isanu walondola ndendende pa umodzi wokha. R² sinenanso ngati mzere ukukwera kapena ukutsika, zimenezo ndi za b.

Kwa mlimi, funso lomveka bwino ndi lakuti mzere umaphonya ndi matumba angati. Gawani 9.9 ndi chiwerengero cha minda mutachotsapo 2, poti minda yomweyo taigwiritsa kale ntchito popeza nambala ziwiri, a ndi b. Mupeza 3.3, ndipo nambala imene sikweya yake ndi 3.3 ndi 1.8. Ndiye kuti kuphonya kwa nthawi zambiri ndi pafupifupi matumba awiri. R² ya 0.89 imamveka yokoma, koma kwa banja loyembekezera matumba 12, matumba awiri si nkhani yaing'ono. Ineyo ndikamaona lipoti lotchula R² yokha osatchula kukula kwa kuphonya, ndimaona kuti latsala theka.

Kadontho kotsiriza kaja

Yang'aninso zophonya motsatana: mainasi, pulasi, ziro, pulasi, mainasi. Kumapeto konse minda ili pansi pa mzere, pakati ili pamwamba kapena pa mzere. Zophonya za mzere woyenerera bwino zimamwazikana mopanda dongosolo. Zikapanga uta chonchi, n'chizindikiro chakuti mwina ubale weniweni ndi wokhota, ndipo ife tauumiriza mzere woongoka. Alangizi a zaulimi sangadabwe nazo, chifukwa n'zodziwika kuti matumba oyambirira a feteleza amabweza zambiri kuposa otsiriza. Mbewu ikapeza chakudya chokwanira, chimene chimaichepetsa chimakhala china, madzi, kuchuluka kwa mapesi pa ekala, kapena mtundu wa mbewuyo.

Chotsani munda wachisanu, muwerengerenso ndi inayi yotsala. Maavareji akhala 1.5 ndi 11, ndime ziwiri zija zikwana 19 ndi 5, ndipo mzere ukhala ŷ = 5.3 + 3.8x, R² yake 0.98. Kusiyana kwa 2.9 ndi 3.8 si kwa pa pepala pokha. Thumba la feteleza likamagulidwa ndi mtengo wa matumba atatu a chimanga, mzere woyamba ukuti musagule ngakhale limodzi, pamene wachiwiri ukuti matumba atatu oyambirira ali ndi phindu. Nambala imodzi ya 2.9 inasakaniza matumba atatu obweza bwino ndi limodzi looneka ngati silinabweze kanthu.

Koma munda suchotsedwa chifukwa choti R² ikwere. Aliyense angakongoletse mzere wake potaya minda yosamvera. Munda wachisanu ungakhale ukunena zoona za malire a feteleza. Ungakhalenso kuti unagwidwa ndi kaufiti, unadyedwa ndi ntchemberezandonda, kapena uli kudambo kumene madzi anadikha n'kukokolola feteleza. Masamu sangasiyanitse zimenezi, ndipo minda isanu ndi yochepa kwambiri kuti itsimikize kukhota. Woyenera kufunsidwa ndi mwini munda. Ngati pali chifukwa chodziwika, mundawo ungaikidwe pambali, chifukwacho n'kulembedwa poyera. Ngati palibe, ukhale momwemo, ndipo mizere yonse iwiri ionetsedwe.

Katswiri wina wa ziwerengero wochokera ku England, Francis Anscombe, anaonetsa vutoli mu 1973 ndi magulu anayi a nambala, lililonse la timadontho 11. Onse anayi amapereka mzere wofanana, ŷ = 3 + 0.5x, ndi R² yofanana, pafupifupi 0.67. Ukawajambula, gulu loyamba ndi timadontho tomwazikana bwino mozungulira mzere. Lachiwiri ndi uta woonekeratu. Lachitatu ndi mzere woongoka wokokedwa ndi kadontho kamodzi kosochera. Lachinayi lili ndi timadontho khumi pa x imodzimodzi, ndipo kupendekera konse kwaimikidwa ndi kadontho kamodzi kakutali. Ichi ndi chifukwa chake tinayamba ndi kujambula.

Feteleza kapena mwini feteleza

Vuto lalikulu koposa silioneka m'tebulo ngakhale pa chojambula. Minda yathu isanu ili ndi eni ake asanu, ndipo si mwangozi kuti wina anathira matumba atatu wina osathira konse. Wokwanitsa kugula feteleza wambiri nthawi zambiri amakwanitsanso mbewu ya haibulidi, amalemba aganyu n'kupalira pa nthawi yake, mwina ali ndi khola lopereka manyowa. Wosathira uja mwina nthawi yopalira anali m'munda mwa mnzakeyo kugwira ganyu, wake n'kumera thengo. Zonsezi zikuyenda limodzi ndi x, ndipo mzere ukuzilemba zonse m'dzina la feteleza. Choncho 2.9 ikunena kusiyana kwa minda yothira wambiri ndi yothira wochepa. Sikunena kuti mukampatsa thumba limodzi mlimi woyamba uja, zina zonse zili chimodzimodzi, adzakolola matumba 2.9 owonjezera. Zingathekenso kupendekera kwina: mlimi wa nthaka yoguga akathira wambiri pofuna kuipulumutsa, mzere umachepetsa mphamvu yeniyeni ya feteleza. R² yokwera siteteza ku zimenezi ngakhale pang'ono.

N'chifukwa chake pa malo ofufuzira zaulimi monga Chitedze ku Lilongwe kapena Bvumbwe ku Thyolo sadalira kufunsa alimi kokha. Amagawa munda umodzi m'timagawo tofanana, mbewu imodzi, tsiku lobzala limodzi, kupalira kofanana, ndipo kagawo kolandira feteleza wakutiwakuti kamasankhidwa mwa maere. Kachitidwe ka maereka kanakhazikitsidwa ndi Ronald Fisher pa malo ofufuzira a Rothamsted ku England m'zaka za m'ma 1920. Maere amadula ubale wa feteleza ndi chuma cha mlimi kapena chonde cha mbali ina ya munda, ndipo pokhapo ndi pamene b ingawerengedwe ngati zimene feteleza wachititsa.

Kalabu ingachite zomwezi pa munda wa chionetsero. Timagawo khumi tofanana kukula, milingo isanu ya feteleza, mulingo uliwonse pa timagawo tiwiri, timapepala tamaere m'chipewa. Kubwereza mulingo kawiri kumathandiza pa funso la kadontho kotsiriza, chifukwa timagawo tonse tiwiri ta mulingo wapamwamba tikagwa pansi pa mzere, kukhota kumayamba kukhulupirika, pamene kamodzi kokha kakagwa, maso amapita ku kagawoko. Kuwerengera kwake ndi komweku, tebulo la mizere khumi m'malo mwa isanu, ndipo pogawa masikweya a zophonya mugwiritsa ntchito 8 m'malo mwa 3. Amene ali ndi Excel angatsimikize zimene pensulo yapeza polemba feteleza m'ndime A ndi chimanga m'ndime B. Pa minda isanu ija zilembedwa chonchi, y patsogolo, x pambuyo:

```
=SLOPE(B2:B6,A2:A6)
=INTERCEPT(B2:B6,A2:A6)
=RSQ(B2:B6,A2:A6)
```

Ziyenera kutuluka 2.9, 6.2 ndi 0.8947. Kupendekera kukatuluka 0.31, ndiye kuti mwasinthanitsa ndime, ndipo kompyuta yalosera feteleza kuchokera pa chimanga. R² ikhalabe 0.8947 ngakhale mutasinthanitsa, choncho siingakuchenjezeni za kulakwitsa kumeneku.